Mphunzitsi wa zachuma akamafotokoza zomwe anaona yekha

Phunziro la zachuma limanena za anthu ambirimbiri nthawi imodzi: alimi onse a m'dziko, onse ogula chimanga, onse obwereka ndalama. Komabe mphunzitsi akaima kutsogolo kwa ophunzira, kaya ku yunivesite kaya pa msonkhano wa alimi, kawirikawiri amatapa kankhani ka munthu mmodzi yemwe anakumana naye kapena ka zomwe zinamuchitikira iye mwini. Kankhani kotere kamagwira bwino ntchito imodzi, yoonetsa njira yomwe chinthu chimachitikira. Ntchito yomwe sikangaithe ndi youza omvera kuti chinthucho chimachitikira anthu angati. Kulimba kapena kufooka kwa phunziro kumatengera ntchito yomwe kankhaniko kapatsidwa.

Chitsanzo choonetsa mbali zonse ziwiri ndi cha Muhammad Yunus, yemwe ankaphunzitsa zachuma pa yunivesite ya Chittagong ku Bangladesh. Mu 1976 iye anacheza ndi mayi wina wa m'mudzi wa Jobra, pafupi ndi yunivesiteyo, yemwe ankaluka timipando ta nsungwi. Mayiyo analibe mpamba. Ankabwereka mataka 5, ndalama ya kumeneko, kwa wamalonda wina kuti agulire nsungwi, ndipo pangano linali lakuti timipando take azigulitsa kwa wamalonda yemweyo pa mtengo womwe wanena iye. Akabweza ngongole ankatsala ndi theka la taka basi. Yunus ndi wophunzira wake atafufuza m'mudzimo anapeza anthu 42 omwe anali mu msampha womwewo, ndipo ngongole zawo zonse pamodzi zinali pafupifupi madola 27.

Wophunzira yemwe wangomva kuti "osauka alibe mwayi wopeza ngongole" amalemba mawuwo m'kope koma saona kanthu. Akamva za mayi wa ku Jobra amaona pomwe ndalama ikuthawira. Luso mayiyo ali nalo, ogula alipo, ntchito akugwira tsiku lonse. Chomwe chikumudyera phindu ndi chakuti wokongoza ndi wogula ndi munthu mmodzi, choncho chiwongoladzanja chabisala mu mtengo wotsika wa kampando. Amene amadziwa katapila, kapena mlimi yemwe analonjezapo mbewu zake zikadali m'munda, amaimva mfundoyi msanga. Kankhanika kalimbitsa phunziro pa zifukwa zooneka: kali ndi manambala omwe womvera angathe kuwerengera yekha, wofotokoza anaona ndi maso ake, ndipo mbali iliyonse ya nkhaniyo ikugwirizana ndi mbali ina ya mfundo yomwe ikuphunzitsidwa.

Vuto linayamba pomwe nkhaniyi, ndi zina zofanana nayo, zinasanduka umboni wakuti ngongole zing'onozing'ono zimachotsa anthu mu umphawi. Banki ya Grameen inakhazikitsidwa mwalamulo mu 1983, ndipo mu 2006 iyo pamodzi ndi Yunus analandira mphoto ya Nobel ya mtendere. M'maphunziro ndi m'misonkhano munadzaza nkhani za amayi omwe anabwereka pang'ono n'kumanga nyumba ya malata. Nkhanizo mwina zinali zoona ndithu. Koma mu 2015 munasindikizidwa zotsatira za kafukufuku wa m'maiko 6, omwe ndi Bosnia, Ethiopia, India, Mexico, Mongolia ndi Morocco. Ofufuza anasankha mwamaere madera kapena anthu opatsidwa mwayi wa ngongole, n'kuwayerekeza ndi omwe sanapatsidwe. Anapeza kuti mabizinesi ena anakuladi, koma ponseponse ndalama zomwe mabanja ankapeza sizinasinthe kwambiri.

Kusiyana kwa nkhani ndi kafukufukuku kuli ndi magwero awiri. Loyamba ndi lakuti nkhani imasankhidwa. Mayi yemwe bizinesi yake inayenda ndiye amaitanidwa kudzalankhula alendo akabwera. Yemwe anagulitsa mbuzi kuti abweze ngongole amakhala kunyumba. Lachiwiri ndi lakuti nkhani ya munthu mmodzi siyankha funso lomwe zachuma zimafunsa nthawi zonse: kodi zikanakhala bwanji akanapanda kubwereka? Mayi wakhama uja mwina akanatukukabe ndi ndalama za chipereganyu kapena za mlongo wake. Moyo wa munthu sungabwerezedwe kuti uyesedwe kawiri, n'chifukwa chake pamafunika gulu lina loyerekezera.

Pali msampha wina womwe ndi wa zachuma zokha. Chomwe chili choona kwa munthu mmodzi chikhoza kukhala chabodza kwa anthu onse pamodzi. Mphunzitsi angafotokoze kuti amalume ake anachulukitsa zokolola za tomato, kuchoka pa madengu 10 kufika pa 20, ndipo ndalama zawo zinawirikiza. Zimenezo zinatheka chifukwa mlimi mmodzi sagwedeza mtengo wa pamsika. Alimi onse a m'deralo akachita chimodzimodzi mwezi womwewo, tomato amasefukira, ndipo mtengo ukatsika ndi theka madengu 20 amabweretsa ndalama zomwe madengu 10 ankabweretsa, pomwe thukuta ndi feteleza zawonjezeka. Apa kankhani ka amalume kaphunzitsa zosemphana ndi zomwe phunziro linayenera kuphunzitsa.

Amartya Sen anasonyeza kagwiritsidwe ntchito kabwino ka zomwe munthu anaona. Ali mwana wa zaka 9 anaona njala ya ku Bengal ya mu 1943, yomwe inapha anthu pakati pa 2 ndi 3 miliyoni. Chomwe chinamukhalira m'mutu n'chakuti njalayo sinakhudze mabanja a anzake a kusukulu. Omwe ankafa anali makamaka aganyu a m'midzi. Iye sanachitenge chikumbukirocho ngati yankho. Anachisandutsa funso: ngati chakudya chinasowa, bwanji chinasowera ena okha? M'buku lake la mu 1981 anasonkhanitsa ziwerengero za zokolola, mitengo ya mpunga ndi malipiro a aganyu, n'kunena kuti mtengo wa mpunga unakwera kusiya malipiro kutali, moti anthu anafa chifukwa cholephera kugula. Akatswiri ena anatsutsa ziwerengero zake za zokolola, ndipo ubwino wa ziwerengero ndi womwewo: zimatheka kutsutsidwa. Zomwe mnyamata anaona pakhomo pa agogo ake palibe angazitsutse.

Mfundo imeneyi imakula kwambiri m'kalasi. Wophunzira akhoza kukweza dzanja n'kufunsa komwe nambala yachokera, koma n'kovuta kuuza mphunzitsi, yemwe ndi wamkulu komanso ndiye wochonga mayeso, kuti zomwe zinachitikira mayi ake sizikutsimikiza kanthu. Kankhani kokhudza mtima kamatseka pakamwa anthu, ndipo mphunzitsi angaganize kuti amvetsa pomwe angokhala chete mwaulemu.

Womvera angazindikire yekha mbali yomwe kankhani kagwera. Akachotsa m'maganizo n'kuona ngati mfundo ya mphunzitsi ikadali chilili: ngati ikuima pa ziwerengero kapena pa kulingalira komveka, kankhaniko kanali kounikira chabe, ndipo palibe cholakwika. Ngati mfundoyo yagwa, ndiye kuti kanali kakunyamula katundu yemwe si wake. Chizindikiro china ndi mawu otsatira. Mphunzitsi wosamala akamaliza amanena ngati munthu wa m'nkhaniyo akuimira ambiri kapena ndi wapadera, n'kupereka chiwerengero. Wosasamala amalumpha kuchoka pa munthu mmodzi n'kufika pa "choncho alimi onse" kapena "choncho boma liyenera". Nkhani ya ku Jobra ndi yoyenera pa phunziro lofotokoza momwe ngongole yomangirira imadyera phindu la mmisiri. Pa phunziro lofunsa ngati ngongole zing'onozing'ono zimathetsa umphawi, malo oyamba ndi a kafukufuku wa mu 2015.