Kuyesa njira yogulira masheya popanda kudzinamiza

Mwana amene waloweza mayankho a mayeso a chaka chatha amakhoza bwino mukamufunsa mafunso omwewo, koma mukasintha funso pang'ono amangoti kakasi. Vuto lomweli limagwera anthu amene amayesa njira zogulira ndi kugulitsira masheya pa mitengo yakale asanaikepo ndalama zawo.

Njira yodziwika kwambiri ndi ya avareji yoyenda. Ngati sheya yatseka pa 100, 102, 101, 105 ndi 107 m'masiku asanu, avareji yake ndi 103. Mawa mumachotsa mtengo wa tsiku loyamba n'kuwonjezera watsopano, motero avarejiyo imayenda ndi nthawi. Ambiri amawerengera ziwiri, ya masiku 50 ndi ya masiku 200. Ya masiku 50 ikakwera kupitirira inzake, amagula; ikatsika pansi pake, amagulitsa. Mu Excel, mitengo ikakhala mu mzere wa B, ya masiku 50 imapezeka chonchi:

```
=AVERAGE(B2:B51)
```

Taonani momwe lamuloli linayendera pa S&P 500, muyezo wa masheya a makampani akuluakulu a ku America. Mu Disembala 2007 linati gulitsani, muyezo uli cha m'ma 1,480, ndipo linati gulani mu Juni 2009 uli cha m'ma 900. Wolitsatira anapulumuka kugwa kwa 2008. Koma mu 2020 msika unagwa mofulumira n'kufika pansi pa 23 Malichi. Lamulo linati gulitsani kumapeto kwa mweziwo, mitengo itayamba kale kukwera, ndipo linati gulani mu Julayi itakwera kwambiri. Wolitsatira anagulitsa motchipa n'kugulanso modula. Avareji imayang'ana kumbuyo, choncho imathandiza msika ukamatsika pang'onopang'ono, koma imachedwa ukatembenuka mwadzidzidzi.

Munthu akaona zotere amayamba kukonza. Amayesa masiku 40, kenaka 35, kenaka 47, mpaka zotayika za 2020 zitafufutika. Akayesa manambala 20 a avareji yaifupi ndi 20 a yaitali, ndiye kuti wayesa njira 400, ndipo imodzi idzaoneka yokongola basi. Ganizirani anthu 1,024 aliyense akuponya ndalama yachitsulo kakhumi. N'kutheka ndithu kuti mmodzi apeza mbali imodzimodzi maulendo onse khumi, osati chifukwa cha luso, koma chifukwa oponya achuluka. Njira yosankhidwa mwa 400 ija yaloweza mitengo yakale, sinaphunzire msika.

Chitetezo choyamba ndi kugawa zaka musanayambe. Ngati muli ndi mitengo ya 2000 mpaka 2024, konzerani lamulo lanu pa zaka za 2000 mpaka 2014 zokha, zotsalazo muzitsekere osazisuzumira. Mukakhutira, liyeseni pa zaka zotsekeredwazo kamodzi kokha. Zotsatira zikaipa ndipo inu n'kubwerera kukasintha manambala, zaka zija zasanduka mayeso amene mwaona kale mayankho ake, sizingakuuzeninso zoona.

Chachiwiri ndi kuona manambala oyandikana nawo. Tiyerekeze kuti 47 ndi 183 zapereka phindu lalikulu. Yesani 45 ndi 180, komanso 50 ndi 190. Phindu likatsika pang'ono chabe, mwina lamulo lagwira khalidwe lenileni la msika. Likazimiririka, munangogwera mwayi wa tsiku limodzi kapena awiri. Werengani komanso kuti lamulolo linagula n'kugulitsa kangati. La 50 ndi 200 limatha chaka, nthawi zina zaka zingapo, osanena kanthu, kotero umboni wanu wonse ukhoza kukhala maulendo khumi okha. Chotsani ulendo umodzi wopindulitsa kwambiri muone chimene chatsala.

Palinso chinyengo chimene chimalowa mwini wake osadziwa. Avareji ya lero imadziwika msika ukatseka, choncho simungagule pa mtengo wa m'mawa wa tsiku lomwelo. Pa kuyesa kwanu, chizindikiro cha Lolemba chigwire ntchito Lachiwiri. Chotsaninso komishoni ya ogulitsa masheya pa ulendo uliwonse. Pa msika waung'ono ngati wa masheya wa ku Blantyre, sheya ina imatha masiku osagulidwa, ndiye mtengo wolembedwa sukutanthauza kuti mukanapeza wogula tsikulo.

Pomaliza, ikani zotsatira zanu pafupi ndi za munthu amene anangogula mu 2000 n'kusunga osagulitsa, mutawerengera ndi magawo a phindu amene makampani ankamupatsa. Yerekezani ndalama zimene aliyense watsala nazo, komanso kuti chuma cha aliyense chinatsika kufika pati pa nthawi yovuta kwambiri. Ngati lamulo lanu silimuposa pa chilichonse mwa ziwirizi m'zaka zimene munatsekera zija, lisiyeni. Mwataya madzulo angapo pa kompyuta, koma ndalama zanu zikadali m'thumba.