Ngongole ikachedwa: mauthenga atatu olonjerera ndalama yanu

Aliyense wogwira ntchito yamanja amawadziwa mayankho awa: “bwana sanasaine”, “tikudikira makolo alipire fizi”, “mubwere Lachisanu”. Lachisanulo likafika foni imangoitana osayankhidwa. Atelala, akalipentala, osindikiza mabuku ndi ophika zakudya za pamisonkhano ambiri amangokhala chete kwa milungu ingapo poopa kukhumudwitsa kasitomala, kenako mtima ukadzaza amalemba uthenga waukali umene umathetsa ubale koma osabweretsa ndalama. Pakati pa kukhala chete ndi kukalipa pali njira ina, ya mauthenga atatu, uliwonse wolimba kuposa unzake. Kulimbako sikuchokera m’mawu achipongwe ayi. Uthenga umalimba ukamatseka mipata imene wangongole amathawiramo.

Tiyerekeze kalipentala wa ku Zomba amene wakhomera sukulu ina yapulaiveti madesiki 20 pa mtengo wa K45,000 iliyonse. Zonse pamodzi ndi K900,000. Sukulu inapereka dipoziti ya K400,000, ndipo anagwirizana kuti K500,000 yotsalayo iperekedwa pasanathe masabata awiri madesiki akafika. Madesiki anafika pa 14 Febuluwale, mphunzitsi wamkulu anasainira kuti walandira, tsiku lolipira linali 28 Febuluwale. Tsikulo ladutsa, kuli zii.

Uthenga umene ambiri amayamba kulemba pa WhatsApp umakhala wotere: “Mwadzuka bwanji bwana? Pepani kukuvutitsani. Ndimati ndifunse za kaja kanthu, ngati zingatheke mundiganizireko, kunyumba kuno zinthu zavuta.” Ndi waulemu ndithu, koma taonani zimene wachita. Wapepesa ngati kalipentala ndiye walakwa. Ndalama yaitcha “kanthu”, osatchula kuchuluka kwake. Ndipo ponena za mavuto a kunyumba, malipiro a ntchito asanduka chithandizo, chimene munthu amapereka akafuna. Yankho lake limadziwika kale: “Tamva bambo, tiona.”

Ukalembedwanso bwino, pa 3 Malichi, uthenga woyamba ungamveke chonchi:

“Mwadzuka bwanji bwana? Ndikukumbutsani za K500,000 yotsala pa madesiki 20 amene tinapereka pa 14 Febuluwale. Tinagwirizana kuti ilipidwe pofika pa 28 Febuluwale. Ndatumizanso invoisi pamodzi ndi uthengawu. Mukhoza kulipira ku akaunti ya kubanki kapena pa nambala ya Airtel Money zimene zalembedwa pa invoisiyo. Ngati mwatumiza kale, mundidziwitse kuti ndione. Zikomo.”

Moni ulipo, ulemu ulipo, koma tsopano muli ndalama, ntchito, tsiku ndi njira yolipirira. Uthengawu ukutenga nkhaniyi ngati kuiwala chabe, ndipo nthawi zambiri ndi mmene zimakhaliradi: invoisi inatsalira mu dirowa, kapena wosunga ndalama za sukulu sanauzidwe n’komwe. Chiganizo chakuti “ngati mwatumiza kale” chimapatsa kasitomala mpata wolipira osachita manyazi. Kutumizanso invoisi kumachotseratu yankho lakuti “pepala lija sitikuliona”. Musanatumize, yang’anani kaye mauthenga a kubanki ndi a pafoni, chifukwa palibe chochititsa manyazi ngati kulonjerera ndalama imene inalowa dzana.

Sabata yatha. Mphunzitsi wamkulu wayankha kuti “tikuyesetsa”, basi. Apa ndi pamene pagona luso lenileni, chifukwa uthenga wachiwiri ndi umene ambiri amauphonya. Ena amangotumizanso woyamba uja, mawu omwewo, ndipo kasitomala amaphunzira kuti kunyalanyaza kulibe vuto. Ena amalumphira ku mkwiyo: “Kodi mukundiona ngati chitsiru? Anthu inu ndinu akuba.” Mawu otere amapatsa wangongole mphatso. Nkhani imachoka pa K500,000 n’kupita pa kutukwana, ndipo iye amapeza chifukwa chosiyira kuyankha.

Ntchito ya uthenga wachiwiri ndi imodzi: kupeza tsiku, lolembedwa ndi kasitomala mwini wake. Usanalembedwe, ndi bwino kuimba foni kapena kupita komweko kukafunsa mafunso awiri. Loyamba, kodi pali dandaulo lililonse pa madesiki? Lachiwiri, kodi amene amavomereza kuti ndalama ituluke ndani? M’sukulu zambiri zapulaiveti mphunzitsi wamkulu ndi wolembedwa ntchito chabe, ndalama ili m’manja mwa mwini sukulu. Mukhoza kumupanikiza mwezi wathunthu munthu amene alibe mphamvu yosaina cheke. Choncho uthenga wa pa 10 Malichi upite kwa mwini sukulu, mphunzitsi wamkulu alandireko kope:

“Bwana, ndikulemba kachiwiri za K500,000 yotsala pa madesiki 20, imene inayenera kulipidwa pa 28 Febuluwale. Ndinakumbutsa pa 3 Malichi koma mpaka lero sinalowe. A mphunzitsi wamkulu anditsimikizira kuti madesiki alibe vuto ndipo ana akukhalira. Ndikupempha kuti ndalamayi ilipidwe pofika Lachisanu pa 14 Malichi. Ngati yonse siingatheke tsiku limenelo, ndilandira K250,000 pa 14 Malichi ndi K250,000 pa 21 Malichi. Chonde mundiyankhe pa uthenga uno kuti mwasankha njira iti.”

Moni wautali wachoka, “ndikukumbutsani” wasanduka “ndikupempha kuti ilipidwe pofika”. Chiganizo cha madesiki opanda vuto chili ndi ntchito yaikulu, pakuti wangongole akapanikizika amakonda kutulukira zolakwika mochedwa: matabwa ndi osauma, vanishi sanapake bwino. Akapanda kutsutsa tsopano, kudzakhala kovuta kuti adzatero patsogolo. Funso lomaliza silikulola yankho la “tiona”. Likufuna kuti asankhe pakati pa njira ziwiri, ndipo zonse ziwiri zikuthera pa kulipira.

Ena amaona kulola kulipira pang’onopang’ono ngati kufooka. Ine ndimaona mosiyana. Kumasiyanitsa kasitomala amene ndalama yamuthera ndi amene sakufuna kulipira. Woyambayo amalumphira mwayiwo, mwinanso kupempha masiku ena, n’kutchula tsiku lake. Wachiwiriyo amazemba ngakhale theka. Komanso yankho lililonse lolembedwa, ngakhale lakuti “tilipira theka Lachisanu”, ndi kuvomera kuti ngongole ilipo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola mauthenga a pafoni ndi pakompyuta kukhala umboni, choncho musafufute kalikonse. Mukagwirizana chinthu pakamwa, lembani uthenga tsiku lomwelo: “Monga tagwirizana pafoni masana ano, mutumiza K250,000 pa 14 Malichi.”

Tinene kuti pa 14 Malichi sukulu yatumiza K150,000 yokha, kenako chete, foni osayankha. Yotsala ndi K350,000. Kalipentala athokoze polemba, atchule yotsalayo, adikire kuti 21 Malichi adutse. Kudikira kopitirira apo kuli ndi mtengo wake. Amene anali ndi ngongole kwa anthu mu Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, anadzalandira ndalama yomwe ija koma yosakwananso kugula matabwa, misomali ndi guluu zimene akanagula mwezi umodzi m’mbuyomo.

Uthenga wachitatu usakhalenso wa pa WhatsApp pokha. Ikhale kalata ya papepala, ya deti ndi siginecha, makope awiri. Imodzi isiyidwe ku ofesi ya sukulu, inayo wolandirayo asainepo ndi kudinda chidindo, kalipentala abwerere nayo. Chithunzi chake chitumizidwenso pafoni.

“24 Malichi. Kwa mwini sukulu. CHIDZIWITSO CHOMALIZA: K350,000 YOTSALA PA MADESIKI 20. Pa 14 Febuluwale ndinapereka madesiki 20 a mtengo wa K900,000. Mwalipira K400,000 ya dipoziti ndi K150,000 pa 14 Malichi. Yotsala ndi K350,000, imene inayenera kulipidwa pa 28 Febuluwale. Ndinakukumbutsani pa 3 Malichi ndi pa 10 Malichi. Ndalamayi ikapanda kulipidwa yonse pofika pa 7 Epulo, ndikasuma ku khoti la majisitireti popanda kukudziwitsaninso, ndipo ndikapempha khoti kuti mulipirenso zimene ndidzawononge pa mlanduwo. Mukalipira tsikuli lisanafike, nkhaniyi ithera pomwepo.”

Mwa mauthenga onse atatu, uwu ndi wozizira kwambiri. Mulibe “pepani”, mulibenso “mwandikhumudwitsa”. Chifukwa chake n’chakuti kalatayi ili ndi owerenga awiri: mwini sukulu lero, ndi majisitireti mawa. Majisitiretiyo akufuna kuona masiku, ndalama, ndi umboni wakuti wodandaula anapereka nthawi yokwanira. N’chifukwa chake masamu ayenera kukhala olondola mpaka kwacha yomaliza. Mukalemba K500,000 pamene analipirako K150,000, mwapatsa mnzanuyo poyambira kukutsutsani. Musawonjezerenso chiwongoladzanja chimene simunagwirizane poyamba. Amene akufuna kudzalipiritsa ochedwa alembe zimenezo pa kotesheni ntchito isanayambe, kasitomala asainire.

Pali ziopsezo zimene siziyenera kulowa m’kalatayi ngakhale mtima utawawa bwanji. “Ndikutengerani kupolisi” n’chopanda mphamvu, popeza kulephera kubweza ngongole ya malonda si mlandu wa upandu, ndipo mwini sukulu wodziwa zinthu angoseka. “Ndikuyalutsani pa Facebook” n’choopsa kwa inu mwini: lamulo la 2016 lomwe lija limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa intaneti, ndipo sukuluyo ikhoza kukusumirani kuti mwaiipitsira mbiri. Kubwera ndi lole kudzanyamula madesiki mokakamiza nakonso kungakusandutseni wolakwa. Kulanda katundu wa wangongole ndi ntchito ya masherifu, khoti likagamula.

Choopseza chimene mwalemba chikhale chimene mudzachitadi. Musanasaine kalata yachitatu, pitani ku khoti la majisitireti la kwanuko mukafunse kalaliki za ndalama yotsegulira mlandu ndi mapepala ofunika. Pa ngongole zing’onozing’ono munthu akhoza kudziimira yekha popanda loya. Sonkhanitsani kotesheni, invoisi, pepala losainira kuti katundu wafika, ndi zithunzi za mauthenga onse. Mukaona kuti ndalamayo ndi yochepa moti simungavutike nayo kukhoti, musatchule khoti. Lembani chimene mungathe, monga kuimitsa ntchito ina imene munayamba kapena kusaperekanso katundu pangongole.

Ndipo chidziwitso chomaliza chimakhala chimodzi. Mukatumiza “chomaliza” chachiwiri ndi chachitatu, kasitomala amadziwa kuti masiku anu ndi ongolankhula. Ngati pa 7 Epulo ndalama sinalowe, pa 8 Epulo m’mawa nyamulani mapepala anu mupite kukhoti.