Kupeza Intigiralo Podzera Kumtunda kwa Mzere

Intigiralo ya 1/(x²+1), kuchokera ku −∞ mpaka +∞, imapezeka poika nambala ya kompulekisi z m'malo mwa x. Njira imatsata mzere kuyambira −R kufika R, kenako imatsekedwa ndi uta wa theka la bwalo chakumtunda. Mkati mwake muli malo amodzi okha pamene z²+1 imasanduka ziro: z = i. Rezidyu ya pamenepo ndi 1/(2i), ndipo ikachulukitsidwa ndi 2πi, motsata lamulo la Cauchy, imapereka π.

Pofunika kusamala kwambiri ndi pa utawo. Kutalika kwake ndi πR, koma kukula kwa 1/(z²+1) sikuposa 1/(R²−1). Choncho R akamakulirakulira, gawo la uta limazilala, ndipo yankho limatsala π. Pakanakhala z pamwamba m'malo mwa 1, gawolo silikanazilala.