Msonkho wa Sitampa: Amalipira Ndani, Ndipo Amauwerengera Bwanji?

Mukagula nyumba kapena malo okhala ndi mapepala m'Malawi muno, kupereka ndalama kwa wogulitsa si mapeto a nkhani. Chikalata chosinthira umwini chimayenera kudindidwa, ndipo boma limalandirapo msonkho wa sitampa. Wolipira ndi wogula, osati wogulitsa.

Msonkhowu amauwerengera pa mtengo wa malowo. Kale unali K3 pa K100 iliyonse, koma anautsitsa kufika pa K1.50. Choncho nyumba ya K40,000,000 ku Chilomoni msonkho wake ndi K600,000, ndipo ya loya ndi yolembetsera ku ofesi ya malo n'zapadera.

Pa pangano lobwereka malo kapena nyumba, wolipira ndi wobwerekayo. Apa sayang'ana mtengo wa nyumbayo, koma lendi ndi kutalika kwa panganolo.

Ena amazemba, chikalata n'kuchisunga m'sutikesi chosadinda. Vuto limadzaoneka pa mkangano: ofesi ya malo silembetsa chikalata chotere, ndipo khoti silichilandira ngati umboni kufikira msonkho ndi chindapusa zitaperekedwa.

Musanagwirizane mtengo, patulirani pambali ndalama ya sitampa, ndipo loya wanu akuonetseni chidindo pachikalatapo.