Kuyeza Ndalama Zochokera kwa Makasitomala Akale

Makampani amene amalipiritsa makasitomala mwezi ndi mwezi, monga ogulitsa mapulogalamu a pakompyuta, ali ndi muyezo wotchedwa NRR. Muyezowu umaonetsa ngati ndalama zochokera kwa makasitomala akale zikukwera kapena kutsika pakatha chaka. Makasitomala atsopano salowa m'chiwerengerochi.

Zinthu zitatu zimasintha ndalamazi. Makasitomala ena amawonjezera zomwe amagula, ena amachepetsa koma osachoka, pomwe ena amathetseratu mgwirizano.

Tiyerekeze kampani yogulitsa pulogalamu yowerengera malipiro a antchito. Mu Januwale makasitomala ake 100 ankalipira K10 miliyoni pamwezi onse pamodzi. Chaka chitatha, ena alemba antchito ambiri ndipo awonjezera K2 miliyoni. Ena asamukira ku mtengo wotsika, kampani yataya K500,000. Makasitomala khumi achoka ndi K1 miliyoni yawo. Zotsala ndi K10.5 miliyoni, ndipo pozigawa ndi K10 miliyoni yoyambayo, NRR ikukwana 105 peresenti. Kupitirira 100 kukutanthauza kuti kampani ikukula ngakhale isanapeze kasitomala watsopano.

Komabe nambalayi imatha kubisa matenda. Ngati K2 miliyoniyo yachokera kwa kasitomala mmodzi wamkulu, kapena kwa mitengo yokwezedwa chifukwa kwacha yagwa mphamvu, kampani ilibe chonyadira. Wowerengera wosamala amachotsa zowonjezera zonse n'kuona zotsala. Pano zikutsala K8.5 miliyoni, kutanthauza 85 peresenti: pa K100 iliyonse, K15 yatayika m'chaka chimodzi.