Ndalama za ngozi: chilolezo chikonzedwe madzi asanafike

Namondwe wa Freddy anagwa m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, chaka cha ndalama za boma chitatsala milungu yochepa kuti chithe. Pa 13 Malichi, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawochi chili pa ngozi. Anthu oposa 600,000 anasowa pokhala, milatho inakokoloka, kolera n'kuti ili kale m'dziko. Pa nthawi yotere bajeti yolembedwa Lolemba imakhala itatha ntchito pofika Lachitatu. N'chifukwa chake chofunika kugwirizana mvula isanayambe ndi ichi: ndani ali ndi mphamvu yosintha bajetiyo, ndipo mpaka ndalama zingati.

Tiyerekeze kuti bungwe lina lapatula K100 miliyoni yothandizira anthu 1,000 amene athawira pasukulu ku Nsanje: K50 miliyoni ya ufa, nyemba ndi mafuta ophikira, K20 miliyoni ya madzi ndi zimbudzi, K15 miliyoni ya mayendedwe, ndipo K15 miliyoni yaikidwa padera. Mlingo umene mabungwe othandiza amatsata ndi malita 15 a madzi pa munthu tsiku lililonse, ndi chimbudzi chimodzi pa anthu 20.

Pakutha masiku atatu, anthu pamsasapo akwana 2,500. Madzi ofunika achoka pa malita 15,000 kufika pa 37,500 patsiku, zimbudzi zachoka pa 50 kufika pa 125. Msewu waduka, ufa ukuyenera kuwoloka pa boti. Njala imapiririka masiku angapo, koma madzi oipa pamalo odzaza anthu amabweretsa kolera msanga. Choncho ndalama zina za chakudya ziyenera kupita ku mankhwala othira m'madzi ndi kukumba zimbudzi lero lomwe.

Ngati kusinthaku kukudikira masiginecha asanu a ku Lilongwe, chilolezo chidzapeza anthu atayamba kale kutsekula m'mimba. Mabungwe okonzeka amalemberatu malire. Mwachitsanzo, woyang'anira msasa atha kusuntha mpaka K5 miliyoni yekha n'kupereka lipoti tsiku lomwelo. Zoposa apo amaloleza ndi mkulu mmodzi, ngakhale pa foni, pasanathe maola 24, kalata n'kutsatira pambuyo. Amagwirizananso mitengo ndi ogulitsa ufa komanso eni malole chilimwe chisanathe, chifukwa misewu ikaduka mitengo imakwera. Ndalama zoikidwa padera zija sazitsegula zonse sabata yoyamba, poti anthu adzafuna mbewu ndi mapepala a pulasitiki ofolera pobwerera kwawo.

Kufulumira kumatsegulanso mpata wa kuba. Zizindikiro zake n'zodziwika: matumba otuluka m'nkhokwe sakugwirizana ndi mayina a m'kaundula, wogulitsa mmodzi akupatsidwa ntchito zonse, malisiti akulembedwa ndi dzanja limodzi. Mankhwala ake ndi kusiyanitsa wololeza, wolipira ndi wolandira katundu, kumata mndandanda wa olandira poonekera kuti komiti ya pamsasa iziwerenga, ndi kuunikanso bajeti sabata iliyonse potengera chiwerengero chatsopano cha anthu. Khonsolo kapena bungwe limene silinalembe malamulo amenewa pofika Okutobala lidzakakamizika kusankha pakati pa kuchedwa ndi kuwononga ndalama popanda umboni.