Kusunga mwezi ndi mwezi, chiwongoladzanja pa miyezi itatu

Tinene kuti mumaika K10,000 kubanki mwezi uliwonse ukamatha, koma banki imawonjezera chiwongoladzanja cha 3 peresenti pakatha miyezi itatu. Ambiri amangogawa patatu n'kupeza 1 peresenti pamwezi. Apa m'polakwika, chifukwa chiwongoladzanja chimaberekanso chinzake, ndipo 1 peresenti katatu imapitirira 3. Mlingo woona wa pamwezi ndi (1.03)^(1/3) − 1, pafupifupi 0.99 peresenti.

Pakutha chaka mudzakhala ndi K126,756, osati K126,825. Kusiyanaku n'kochepa, koma zaka zikachuluka kumakula.

Chondidetsa nkhawa n'china. Ngati pangano likuti ndalama yolowa pakati pa miyezi itatuyo siibereka kanthu kufikira nyengo yotsatira, mudzapeza K125,509 yokha. Funsani zimenezi musanasaine.